Mabotolo atatu amene ndinawagulira amayi

Kamfuno kanayamba cha m'ma 9 koloko usiku, magetsi atathima. Amayi anali atakhala pamkeka akukongonola chimanga chochepa chimene anabwera nacho kuchokera ku Mitundu, ndipo anangoti, "Tandipatsa kansalu." Ndinawaunikira ndi foni n'kuona magazi akutsikira pachibwano. Ndinawauza kuti aweramire kutsogolo, ndinawatsina pofewa pamphuno, ndikuyang'ana nthawi. Patatha mphindi 10 ndinasiya, magazi n'kuyambiranso. Ndinatsinanso mphindi 15. Chimodzimodzi. Pofika 10 koloko chitenje chinali chitanyowa, ine ndikugogoda kwa aneba athu kuno ku Area 25 kuti atithandize galimoto.

Chimene sichindichoka mumtima ndi choti m'galimotomo ndinkadzilimbitsa kuti vuto silingakhale wafarini, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana amene amayi amamwa. Masiku asanu okha m'mbuyomo tinali titayezetsa INR, nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, ndipo inatuluka 2.6. M'buku lawo la kuchipatala munali mutalembedwa bwinobwino, nambala ili pakatikati pa malire amene adokotala anatiuza. Ndinkaisunga nambala imeneyo ngati chiphaso.

Mmene zinalili tisanafike apa

Amayi ali ndi zaka 67. Zaka ziwiri zapitazo anapezeka ndi vuto la mtima logunda mosalongosoka, lija limapangitsa magazi kudikha m'chipinda china cha mtima n'kuundana. Kachibuluma kamagazi kotere kakathothoka kamatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kuchita sitiroko. Ndiye anawayambitsa wafarini, m'bulu umodzi wa mamiligalamu 5 madzulo alionse, ndi lamulo loti INR izikhala pakati pa 2 ndi 3. Munthu amene sakumwa mankhwalawa INR yake imakhala cha pa 1. Ikatsika pansi pa 2 chitetezo chachepa, ikakwera kudutsa 3 magazi ayamba kuvuta kuleka, ndipo ikamayandikira 5 ndiye ngozi ili pakhomo.

Mabotolo ndinawabweretsa ndine. Mnzanga wa kuntchito amagulitsa mapiritsi owonjezera thanzi aja, ndipo ndimamukhulupirira chifukwa naye amamwa. Nditamudandaulira kuti amayi ayamba kuiwalaiwala, poti tsiku lina anasiya mphika pambaula n'kupita kukagona, anandipatsa ginko, akuti amatsitsimutsa ubongo. Bipi yawo itakwera pang'ono anawonjezera mapiritsi a adyo. Mafuta a nsomba ndinachita kufuna ndekha, chifukwa aliyense amadziwa kuti ndi abwino ku mtima, ndipo vuto la amayi ndi la mtima. Ndinalipira kawiri, pakutha pa mwezi ndi pakati pa mwezi, ndikudzimva kuti ndine mwana wosamala kholo. Sindinaganizeko zowauza adokotala. Nanga si zachilengedwe?

"Khuthulani jumbo yonse patebulopa"

Usiku umenewo anawaika thonje la mankhwala m'mphuno, magazi analeka, ndipo anatenga magazi ena kukayeza. M'mawa tinaonana ndi adokotala amene amawaona amayi masiku onse, mayi wachikulire wosakonda kuthamanga polankhula. INR inatulukanso 2.7. Ine ndinalankhula msanga, mwina pofuna kudziyeretsa.

"Mwaona adokotala, wafariniyo ali bwinobwino. Mwina ndi kutenthaku."

Sanandiyankhe. Anatenga mkono wa amayi n'kupinda malaya. Panali mikwingwirima iwiri yakuda, ina kukula kwake ngati dzira, imene ine ndinali ndisanaione.

"Mayi, munagwa?"

"Ayi, zimangobwera zokha masiku ano."

"Mukamatsuka mkamwa, mswachi umatuluka wotani?"

"Wofiirira pang'ono. Ndimati ndi ukalamba."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Achemwali, chilichonse chimene amayiwa amameza chimene si nsima, muli nacho pano?"

Ndinali nacho, chifukwa pothamanga usiku ndinangokokolola zonse zapawindo n'kuponya mujumbo. Anati ndikhuthule patebulo. Panagwa kapepala ka wafarini, mankhwala a bipi, mabotolo anga atatu, ndi kapaketi kena kamene ngakhale ine sindinkakadziwa: bulufeni, amene amayi ankatuma mdzukulu kukagula paokala mawondo akawavuta. Adokotala anakankhira wafarini ndi mankhwala a bipi kumanja. Zina zonse anaziunjika kumanzere, ndipo anaika dzanja pamwamba pake.

"INR imene mukuidalirayo," anatero, "siona chilichonse cha mulu uwu."

Mawu amenewo ndi amene anandisintha. Ndinali ndikuganiza kuti INR ndi sikelo yoyeza kuchepa mphamvu kwa magazi konse, yoti chilichonse cholakwika chizionekera pamenepo. Si choncho ayi.

Antchito awiri otseka bala

Adokotala anatifotokozera mwachidule, ine ndinakawerenga zambiri pambuyo pake, ndipo ndiyesa kuzinena mmene ndinazimvera.

Mtsempha ukabooka, thupi limatseka m'njira ziwiri zotsatizana. Oyamba kufika ndi timaselo tating'ono ta m'magazi totchedwa mapulatileti. Timathamangira pabowo n'kumatirirana, ngati mmene munthu amaunjikira matumba a mchenga madzi akabowola khoma la dimba. Chotsekacho n'chosalimba. Ndiye pamabwera gulu lachiwiri, mapuloteni opangidwa m'chiwindi, amene amaluka ulusi womanga mulu uja kuti usakokoloke.

Wafarini amagwira gulu lachiwirili. Anayi mwa mapuloteni amenewa, amene madokotala amawatchula ndi manambala 2, 7, 9 ndi 10, chiwindi sichingawamalize popanda vitamini K. Thupi silitaya vitamini K likamugwiritsa ntchito, limamukonzanso n'kumugwiritsanso ntchito, ndipo wafarini amatseka pokonzera pamenepo. Mapuloteni aja amatuluka osakhwima, ulusi umachedwa kulukika. INR imayeza kuchedwa kumeneku basi.

Bulufeni, asipirini ndi dikilofenaki sagwira mapuloteni a chiwindi. Amafooketsa mapulatileti, komanso amakanda khoma la m'mimba moti pamatha kubadwa chilonda chotuluka magazi. Ginko, adyo wa m'mapiritsi ndi mafuta a nsomba nawonso amakokera komweko, kuchepetsa kumatirirana kwa mapulatileti, ngakhale mphamvu zawo n'zochepa poyerekeza ndi asipirini. Kwa munthu amene sakumwa wafarini, kufooka pang'ono kumeneku thupi limakukwirira, chifukwa gulu lachiwiri lili ndi mphamvu zake zonse. Koma amayi gulu lachiwiri tinali titalimanga kale manja mwadala. Iwo ankadalira mapulatileti kuposa inu ndi ine, ndipo ine ndinapita kukafooketsa omwewo ndi zinthu zitatu, iwo n'kuwonjezerapo chachinayi.

Ndiye INR imatha kukhala 2.6, yokongola ngati ya m'buku, munthu akutuluka magazi usinini. Zizindikiro zimakhala pathupi osati papepala: mikwingwirima yobwera popanda kugunda kanthu, mswachi wofiira, kamfuno kodutsa mphindi 10, bala laling'ono la mpeni lochedwa kuleka. Zoopsa kwambiri ndi chimbudzi chakuda bii ngati phula, mkodzo wofiira kapena wooneka ngati tiyi wopanda mkaka, kusanza magazi, ndi mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi, makamaka munthu akagwa n'kumenyetsa mutu. Zimenezi sizidikira kuti kuche.

Mlandu si wofanana

Ndisanamize mabotolo onse mofanana, chifukwa adokotala nawonso sanatero. Ndinawafunsa kuti wapalamula ndi uti. Anati pa zinayizo amene mlandu wake ndi wosakayikitsa ndi bulufeni, ndipo anawauza amayi kuti mawondo akavuta azimwa panado, osapyola mlingo, ndipo akaona kuti akumwa tsiku ndi tsiku anene, poti nayenso akachuluka masiku ambiri amakweza INR. Za atatu enawo anawayeza mosiyana.

Ginko ndi amene anamuchotsa mosanyengerera. M'mabuku a zachipatala muli malipoti a anthu amene anatuluka magazi mu ubongo kapena m'diso akumwa ginko limodzi ndi wafarini kapena asipirini. Malipoti a munthu mmodzimmodzi si umboni wathunthu, zoona. Koma funso limene anandifunsa ndi loti, mukuika moyo wa amayi pachiswe kuti mupindule chiyani? Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Okalamba oposa 3,000 anawatsatira kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ena akumwa ginko mamiligalamu 120 kawiri patsiku, ena akumwa mibulu yopanda kanthu. Ginko sanateteze matenda oiwala. Ndiye kumbali ya phindu kulibe kanthu, kumbali ya ngozi kuli kutuluka magazi mu ubongo. Masamu ake savuta.

Adyo nkhani yake ili pa kuchuluka. Kambewu kamodzi kapena tiwiri tokazingira nyemba za banja lonse si vuto, ndipo amayi amadyabe. Mapiritsi ndi ena: ndi adyo woumitsidwa kapena wofinyidwa, womwa tsiku lililonse mosadumphitsa, ndipo mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo kutengera mmene anakonzera. Kafukufuku wa adyo ndi wafarini amatsutsana, wina sanapeze vuto, malipoti ena amanena za INR kukwera ndi magazi kuvuta kuleka pa opaleshoni. N'chifukwa chake madokotala ochita opaleshoni amauza anthu kusiya mapiritsi a adyo ndi ginko sabata imodzi kapena ziwiri tsikulo lisanafike. Mapulatileti amakhala ndi moyo masiku 7 mpaka 10, ndiye pamafunika nthawi kuti atsopano alowe m'malo. Ndipo ngati cholinga chinali bipi, adokotala anati, amayi ali kale ndi mankhwala a bipi amene mlingo wake ungasinthidwe n'kuyezedwa.

Mafuta a nsomba ndi amene anandidabwitsa, chifukwa ndinkayembekezera kuti nawonso alandira chilango chomwecho. Anati pa mlingo wamba umboni woti amachititsa kutaya magazi koopsa ndi wochepa kwambiri. Anatembenuza botolo n'kundionetsa kuseri. Kutsogolo kunalembedwa 1000 mg ndi zilembo zikuluzikulu, koma kuseri kapisozi aliyense anali ndi EPA 180 ndi DHA 120, kutanthauza mamiligalamu 300 okha a mafuta enieni ogwira ntchito. Kafukufuku amene anaonetsa kutuluka magazi kukuwonjezekako pang'ono ankapatsa anthu magalamu 4 patsiku a mafuta oyengedwa, kuposa kakhumi zimene amayi ankamwa. Koma panali china chimene sindinkachidziwa: pa milingo ikuluikulu imeneyo, mafuta a nsomba apezeka kuti amawonjezera mpata wa kugunda kwa mtima kosalongosoka, matenda omwewo amene amayi ali nawo. Ine ndinagula poti ndi a mtima, osafunsa kuti mtima wake wodwala chiyani.

Anati tiwasiye kaye nawonso, pofuna kuti tiyambe pa mbale yoyera. "Usipa ulipo ku Lizulu," anatero. "Adye umenewo." Nsomba ya m'mbale sanailetse ngakhale pang'ono.

Patatha masabata awiri mswachi unayera. Mikwingwirima yakale inasanduka yachikasu n'kuzimirira, yatsopano sinabwere. Wafarini sanasinthidwe ngakhale theka la m'bulu.

Kulakwa kwanga kwachiwiri

Apa ndi pamene ndimachita manyazi kwambiri, chifukwa ulendo uno ndinalakwa nditawerenga.

Mantha atandigwira ndinayamba kufufuza chilichonse chokhudza wafarini pafoni mpaka pakati pa usiku. Paliponse ndinkakumana ndi mawu omwewo: vitamini K amalimbana ndi wafarini, ndipo vitamini K amapezeka kwambiri m'masamba obiriwira. Ndinayang'ana m'khitchini mwanga. Mpiru, repu, nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa. Amayi ndi munthu woti nsima yopanda masamba amaiona ngati chipongwe. Ndinaganiza kuti ndapeza mdani wina amene adokotala anaiwala kumutchula, ndipo ndinalamula kuti m'mbale ya agogo musamapezeke chobiriwira. Nyemba, mazira, usipa, soya, tomato. Ana akudya nkhwani zotendera, amayi akungoyang'ana.

Anadandaula kamodzi kokha. "Mwanawe, ndiye ndidzafa ndi njala m'malo mofa ndi mtima?" Ndinawayankha kuti n'zowathandiza. Anayamba kusiya nsima yambiri m'mbale, ine osalabadira.

Patatha masabata atatu tinapita kukayezetsa. INR inatuluka 4.3.

Adokotala anafunsa mafunso awo mwandondomeko, ndipo ndinaona kuti ali ndi mndandanda m'mutu. Mwamwa bakitilimu kapena fulajilo masiku apitawa? Awiriwa amakweza INR msanga ndiponso kwambiri, ndipo kuno anthu timangowagula tikatsekula m'mimba. Ayi. Mwadwala malungo, kutsekula m'mimba, kusanza? Ayi. Mwina munamwa mibulu iwiri tsiku limodzi poiwala? Ndinawaonetsa kalendala imene ndimachonga. Mabotolo aja abwereranso? Ayi ndithu. Kenako: "Kadyedwe kasintha?"

Ndinayankha monyadira kuti ndinachotsa masamba onse.

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Amayi ndi amene analankhula, osandiyang'ana: "Safunsa anadya phula, adokotala. Koma phula lake ndikudya ndine."

Nkhani yake ndi iyi. Mlingo wa mamiligalamu 5 sunagwe kumwamba. Anaupeza poyesa ndi kuyeza kwa masabata angapo, amayi akudya mmene amadyera, masamba kawiri patsiku. Ndiye mlingowo unali kale utawerengera mpiru ndi nkhwani zawo. Zili ngati sikelo ya pamsika: mbali ina wafarini, mbali ina vitamini K wa m'ndiwo, muvi uli pa 2.6. Ine ndinachotsa mwala wa mbali imodzi, wafarini n'kutsala wopanda womuletsa. Kusadya mokwanira kunawonjezera moto. Komanso munthu amene amadya vitamini K wochepa kwambiri INR yake imagwedezeka msanga, chifukwa tsiku limene wadya mbale imodzi ya masamba kusinthako kumakhala kwakukulu poyerekeza ndi zimene thupi lazolowera.

Lamulo silakuti musadye masamba. Lamulo ndi lakuti idyani mofanana sabata ndi sabata, ndipo mukafuna kusintha kwambiri, nenani kuti ayeze.

Poti amayi sankatuluka magazi paliponse, adokotala anati asamwe wafarini madzulo a tsiku limenelo, ayambirenso mawa lake, abwerere ku ndiwo zawo zakale, tibwerenso pakatha sabata. Sanatsitse mlingo, poti choyambitsa chinali chodziwika ndipo chinali choti chichotsedwa. Anandichenjezanso kuti ndisathamange kukayezetsa mawa n'kumayembekezera nambala yatsopano. Wafarini sachotsa mapuloteni amene ali kale m'magazi, amangoletsa atsopano, ndiye kusintha kulikonse kumayamba kuoneka pakatha masiku awiri kapena atatu, n'kukhazikika pakatha pafupifupi sabata. Ndinafunsa ngati pali mankhwala otsitsa INR msanga. Alipo, anatero, ndipo ndi vitamini K yemweyo, amene achipatala amapereka INR ikakwera moopsa kapena munthu akamataya magazi. Pa 4.3 popanda kutuluka magazi safunika, ndipo akaperekedwa wambiri wafarini amatha masiku akukanika kugwira ntchito.

Madzulo amenewo ndinaphika mpiru wotendera ndekha. Sabata yotsatira INR inali 3.1, inayo 2.5.

Dzinja ndi chilimwe

Chinthu china chimene timapepala tochokera kunja sitinena, poti olemba ake amagula ndiwo zofanana chaka chonse: kwathu kuno mbale imasintha ndi nyengo. Mvula ikagwa mu Disembala, pofika Januwale ndi Febuluwale bonongwe ndi chisoso zili paliponse, nkhwani zili m'munda, ndipo kumudzi ndi nthawi imene ndiwo zina zimasowa, ndiye masamba amadyedwa m'mawa ndi madzulo. Pofika Okutobala amene alibe dimba amadalira nyemba, matemba ndi mfutso wa apo ndi apo. Munthu wa wafarini amene amakhala mwezi uno m'tauni, mwezi wamawa kumudzi, ngati amayi, vitamini K wake amakwera ndi kutsika popanda iye kusankha.

Nditabwerera m'buku lawo la kuchipatala ndinaona kuti INR yotsikitsitsa imene analembapo, 1.8, inali ya mu Febuluwale, atangobwera kuchokera ku Mitundu kokapalira. Nthawi imeneyo tinangoti mwina anadumphitsa mankhwala. Panopa timakonza kuti tsiku loyezetsa lizigwa patatha sabata imodzi kapena ziwiri iwo atasintha malo, osati asananyamuke.

Ufa wa chammwamba uli m'gulu lomweli. Anthu ambiri kuno amauthira m'phala, ndipo ndi masamba obiriwira oumitsidwa n'kusinjidwa, ndiye supuni imodzi imanyamula masamba ambiri kuposa mmene imaonekera. Vuto lake ndi kamwedwe kathu: timauyamba mwamphamvu mlongo wa kutchalitchi akatipatsa, paketi ikatha timasiya, patapita miyezi iwiri tayambiranso. Kuyamba kumakokera INR pansi, kusiya kumaibwezera m'mwamba. Wafarini amadana ndi zoyambayamba ndi zosiyasiya kuposa mmene amadanirana ndi chakudya chilichonse.

Katundu wochokera ku Joni

Mayeso anga anabwera mwezi wathawu. Achemwali anga aakulu amene ali ku Joni anatumiza katundu pa basi: nsapato za ana, bulangete, ndi botolo lalikulu la mapiritsi olimbitsa mafupa a amayi. Anaimba foni asanafike n'komwe. "Amenewo ndi odula, iwe. Usawasunge m'kabati ngati mmene umachitira."

Kutsogolo kwa botolo kunalembedwa za kashiamu ndi vitamini D. Chaka chatha ndikanawapatsa tsiku lomwelo. Ulendo uno ndinatembenuza botolo, ndinajambula kuseri n'kukulitsa chithunzi pafoni, poti zilembo zake n'zoti nyerere ndiyo ingawerenge. Mzere wachitatu unali `Vitamin K2 (MK-7) 45 mcg`.

Nambala 45 imaoneka yaing'ono, makamaka ukadziwa kuti ku America amalangiza mayi wamkulu kupeza mamaikulogalamu 90 a vitamini K patsiku, bambo 120, ndipo mbale ya masamba ophika imatha kupyola pamenepo. Koma K wa m'masamba ndi K1, amene thupi limayamwa gawo lochepa chabe kuchokera m'masambawo ndipo amachoka m'magazi m'maola ochepa. MK-7 amayamwidwa bwino ndipo amakhala m'magazi masiku, ndiye ukamamwa tsiku lililonse amaunjikana. Milingo yaing'ono ngati imeneyi yaonetsedwa kuti imatsitsa INR mwa anthu omwa mankhwala a gulu la wafarini. Ndipo ngozi yake ndi yosiyana ndi ya mabotolo anga aja. Ginko ndi anzake amakankhira ku kutaya magazi, kumene mwina umakuona pamswachi. Vitamini K amakankhira ku kuundana, kumene sikuonetsa chizindikiro chilichonse mpaka tsiku limene pakamwa papotoka ndipo mkono wakana kunyamuka. Mamotivitamini ambiri nawonso amakhala ndi vitamini K, nthawi zina atalembedwa ndi dzina loti `phylloquinone` kapena `phytonadione`, loti munthu wamba sangalizindikire.

Kuwafotokozera achemwali kunali kovuta kuposa kuwerenga botolo. Kukana mphatso ya mkulu wako amene wakhetsa thukuta kunja, yopita kwa mayi ake omubereka, si nkhani ya mavitamini. Anandifunsa ngati ndasanduka dokotala. Anandikumbutsa kuti apongozi awo amamwa omwewo, nawonso ali pa mankhwala a magazi, ndipo ali bwinobwino. Nditafunsitsa dzina la mankhwalawo, anapezeka kuti ndi rivarokisabani. Ameneyo ndi wa gulu latsopano, amagwira puloteni nambala 10 mwachindunji osadzera kwa vitamini K, ndiye masamba ndi K2 sizimukhudza ndipo safuna kuyezetsa INR mwezi ndi mwezi. Koma ndinawauza kuti apongoziwo asamasuke nazo kwambiri, chifukwa nkhani ya mapulatileti ija imawakhudza chimodzimodzi: bulufeni, asipirini kapena ginko pamwamba pa rivarokisabani ndi ngozi yomweyo, ndipo iwo alibe ngakhale nambala yoti iwachenjeze. Pafoni panakhala zii kwakanthawi. Kenako anati apongoziwo amamwa kena kake ka ubongo, akaona dzina lake.

Ena amafunsa chifukwa chimene amayi sakusinthira ku mankhwala atsopanowo. Kwa ife nkhani ndi ya m'thumba, poti wafarini ndi wotchipa kutalitali. Koma alipo ambiri amene sangasinthe ngakhale ndalama zitakhalapo. Pamzere wa INR timakhala ndi atsikana ndi anyamata amene mtima wawo unawonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi ali ana, ena anaikidwa mavavu achitsulo. Amenewo wafarini ndi wa moyo wonse, ndipo ena malire awo ndi okwererapo, 2.5 mpaka 3.5, ndiye mpata wolakwitsa ndi wochepa kuposa wa amayi. Tsiku lina mtsikana wina pamzerepo anatulutsa m'chikwama kabotolo ka mapiritsi a adyo, akuti azakhali ake anamugulira. Ndinadzigwira kuti ndisamulande. Ndinangomuuza kuti akalowa akaike patebulo.

Mnzanga wa kuntchito uja sindinamukwiyire. Sanandifunse ngati amayi akumwa mankhwala ena, koma nanenso sindinamuuze. Nditamufotokozera anadandaula, ndipo anati pa maphunziro awo ogulitsa palibe anatchulapo wafarini. Mabotolo amene anatsala ndinamubwezera, ndalama sindinaitanitse.

Botolo la ku Joni tinapita nalo kwa adokotala Lachinayi lapitali, mujumbo yomwe ija. Anawerenga kuseri, anagwedeza mutu, n'kutilembera kashiamu ndi vitamini D wopanda K woti tikagule ku famase, ndi tsiku loyezetsanso pakatha masabata awiri chiyambireni kumwa. INR ya tsikulo inali 2.4. Tikutuluka, amayi anandikoka chitenje n'kunena kuti tidzere ku Lizulu, amva kuti chisoso chayamba kupezeka.